Thumba la toti ndi mtengo wa wobetchetsa: amalipira ndani hatchi ikapambana?

Loweruka pa 28 Sepitembala 1996, pa bwalo la mjaha wa mahatchi la Ascot ku England panali mipikisano isanu ndi iwiri. Frankie Dettori, wokwera mahatchi wochokera ku Italy, anakwera m'mipikisano yonseyo ndipo yonse anapambana. Anthu amene anamanga mahatchi ake onse pa tikiti imodzi, monga achitira anyamata kwathu kuno akamalumikiza magemu a mpira, anachulukitsa ndalama yawo kopitirira 25,000. Makampani obetchetsa anataya mapaundi mamiliyoni ambiri tsiku limodzi, ndipo ena mwa obetchetsa ang'onoang'ono analowa m'ngongole zimene zinawatengera zaka kuti abweze.

Pa bwalo lomwelo panalinso mawindo ena ogulitsa matikiti, a toti. Kumeneko anthu anabetcheranso Dettori ndipo analipidwa, koma thumba la toti silinabooke. Silikanatha kubooka, chifukwa silinalonjeze munthu aliyense mtengo. Linangogawa zimene zinali m'katimo.

Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti anthu awiri obetchera hatchi imodzi, pa mpikisano umodzi, ndi ndalama yofanana, abwerere kunyumba ndi ndalama zosiyana. Amalawi ambiri amene ali ku Joni, ku Harare kapena ku Britain anazolowera kubetcha kwa mpira, kumene mtengo wolembedwa pa tikiti ndi womwewo umene amalipidwa. Akafika pa mahatchi, kaya ndi tsiku la Durban July ku Greyville kaya ku Borrowdale, amadabwa kuona kuti nambala imene inali pa sikirini pogula tikiti si imene yatuluka polipira. Ena amayesa kuti aberedwa. Sanaberedwe ayi, koma anagula chinthu chosiyana ndi chimene ankaganiza.

Wobetchetsa amagulitsa lonjezo

Tiyambe ndi njira imene ambiri timaidziwa. Wobetchetsa amalemba mtengo wa hatchi iliyonse, tinene 7/1, kapena 8.00 m'kalembedwe ka matikiti a mpira. Mukaika R100, mwapangana kuti hatchiyo ikapambana akupatsani R800, R100 yanu ili momwemo. Anthu ena zikwi atabwera pambuyo panu n'kubetchera hatchi yomweyo, wobetchetsa atsitsa mtengo kwa obwera mochedwawo, koma wanu sukhudzidwa. Mukulimbana ndi iyeyo, ndipo mukawina ndalama ichokera m'thumba mwake.

Phindu lake amalibisa m'mitengo. Pakakhala mahatchi awiri ofanana mphamvu, mtengo wachilungamo ndi 2.00 pa iliyonse. Iye alemba 1.90. Wina akaika R100 uku, wina R100 uko, walandira R200 ndipo alipira R190, ipambane iliyonse. Pa mahatchi khumi ndi awiri masamu ake ndi omwewo, kungoti kadyedwe kake sikaonekera msanga. Vuto lake limabwera ndalama zikaunjikana mbali imodzi, monga zinachitikira pa tsiku la Dettori. Hatchi yomaliza, Fujiyama Crest, m'mawa inali pa 12/1. Pofika nthawi yothamanga inali pa 2/1, chifukwa makampani akuluakulu anatumiza ndalama zambiri ku bwalo kukaibetchera dala kuti mtengo woyambira utsike, popeza matikiti ambiri m'mashopu awo ankayenera kulipidwa pa mtengo woyambirawo. Anachepetsa bala, koma magazi anatulukabe.

Chifukwa choti wobetchetsa angathe kuluza, amadziteteza. Akhoza kukana ndalama yanu ikachuluka, kapena kulandira gawo lake lokha. Munthu amene amawina kawirikawiri amapezeka akaunti yake yaikidwa malire. Ndiponso hatchi ina ikachotsedwa mu mpikisano mutagula kale tikiti, ku Britain pali lamulo lachinayi la malamulo a Tattersalls limene limalola wobetchetsa kudula phindu lanu, molingana ndi mtengo umene hatchi yochotsedwayo inali nawo. Choncho ngakhale mtengo wokhazikika uli ndi pogwedezekera pake.

Toti imangosunga ndi kugawa

Njira inayi anaiyambitsa ndi Joseph Oller ku Paris m'zaka za m'ma 1860, yemwe uja pambuyo pake anakhala mmodzi mwa otsegula nyumba yazisangalalo ya Moulin Rouge. Maganizo ake anali osavuta: anthu azibetcherana okhaokha, ndalama zonse zilowe m'thumba limodzi, woyendetsa atengepo gawo lake, zotsalazo agawane amene alosera bwino. Mu 1891 dziko la France linakhazikitsa lamulo lovomereza njira imeneyi pa mahatchi n'kutsekera kunja obetchetsa, ndipo mpaka lero bungwe la Pari Mutuel Urbain ndilo likulu la kubetcha mahatchi m'dzikolo. Ku Britain toti inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1928, Winston Churchill ali nduna ya zachuma, koma kumeneko obetchetsa sanachotsedwe. N'chifukwa chake pa mabwalo a ku Britain, monganso ku South Africa, njira ziwirizi zimayendera limodzi.

Chimene chinkavuta poyamba chinali kuwerengera. Makalaliki ankalephera kuphatikiza matikiti zikwizikwi mpikisano usanayambe. George Julius, injiniya amene ankagwira ntchito ku Sydney, anapanga makina a magiya ndi mawaya owerengera matikiti pamene akugulidwa, ndipo oyamba anaikidwa pa bwalo la Ellerslie ku Auckland mu 1913. Lero ntchitoyo imachitika ndi makompyuta, koma masamu ake sanasinthe.

Tiwaone ndi chitsanzo chongopeka. Mpikisano uli ndi mahatchi asanu ndi imodzi, ndipo m'thumba lolosera wopambana mwalowa R100,000. Hatchi nambala 1, imene aliyense akuikhulupirira, yatenga R40,000. Nambala 2 yatenga R25,000, nambala 3 R15,000, nambala 4 R10,000, nambala 5 R6,000, ndipo nambala 6, imene anthu ainyoza, R4,000 yokha. Woyendetsa toti amayamba wadula gawo lake, limene limapita ku msonkho wa boma, ku mphotho za eni mahatchi ndi ku ntchito yoyendetsa bwalo. Kukula kwa gawoli kumasiyana dziko ndi dziko. Ku Hong Kong amadula 17.5 pa 100 iliyonse m'thumba lolosera wopambana, ndipo m'matumba ovuta kulosera amadula zochulukirapo. Ife titenge 20 pa 100 kuti masamu aphweke. Zotsala zogawana ndi R80,000.

Nambala 4 ikapambana, R80,000 ija igawidwa kwa anthu amene anaika R10,000, ndiye kuti R1 iliyonse ibweza R8. Ikapambana nambala 1, anthu ogawana achuluka, ndipo R1 ibweza R2 yokha. Nambala 6 ibweza R20. Nambala 3 ikanayenera kubweza R5.33, koma toti zambiri zimadula nyenyeswa zapamwambazo n'kulipira R5.30. Masenti atatu amenewo amaoneka ngati si kanthu, koma pa matikiti mamiliyoni ndi ndalama yambiri, moti ku Kentucky mu 2022 anasintha lamulo kuti azilipira mpaka senti yomaliza pa dola.

Onani kuti pa zonsezi woyendetsa toti alibe nazo kanthu kuti yapambana ndi iti. R20,000 yake watenga kale. Amene mukulimbana naye ndi munthu amene waima pambuyo panu pa mzere, ndi wina amene akubetcha pa foni ali kutali. Ndipo nambala imene ili pa sikirini ndi chithunzi chabe cha mmene thumba lilili pa mphindi imeneyo. Mtengo weniweni umadziwika zitseko za mahatchi zikatseguka ndi thumba litatsekedwa.

Kukula kwa thumba

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale amene akhala akubetcha zaka zambiri. Amaganiza kuti thumba likakula, malipiro amakulanso. Si choncho. Chulukitsani manambala onse a chitsanzo chathu ka 100, thumba likhale R10 miliyoni. Nambala 4 tsopano yatenga R1 miliyoni, zogawana ndi R8 miliyoni, ndipo R1 ikubwezabe R8. Ndalama zachuluka, koma pakamwa pachulukanso. Chimene chimakhazikitsa mtengo ndi gawo la thumba limene lili pa hatchi yanu, osati kulemera kwa thumbalo.

Kukula kwa thumba kumagwira ntchito pena: kumanena kuti ndalama yatsopano ikalowa, mtengo ugwedezeka bwanji. Supuni ya mchere imene singamveke mu mgolo wa madzi imawawitsa kapu ya tiyi.

Tinene kuti mwaona nambala 4 ili pa R8 ndipo mwaikonda. Mwatulutsa R5,000. Kwa wobetchetsa amene akupereka 8.00, ngati walandira ndalama yonseyo, hatchi ikapambana mulandira R40,000. Pa toti zitengera thumba limene mwaponyamo.

M'thumba la R10 miliyoni, ndalama yanu ikweza thumba kufika pa R10,005,000. Akadula gawo lawo patsala R8,004,000, ndipo ogawana ali ndi R1,005,000. R1 ibweza R7.96, imene akhoza kuidula kufika pa R7.90. Mulandira R39,500, pafupifupi zimene munaona pa sikirini.

M'thumba la R100,000, ndalama yomweyo ikweza thumba kufika pa R105,000, zogawana R84,000. Koma pa nambala 4 tsopano pali R15,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lanu. R1 ibweza R5.60. Mulandira R28,000. Palibe wakuberani R12,000 inayo. Mwadzitsitsira nokha mtengo, ndipo mwatsitsiranso onse amene anabetchera hatchiyo inu musanafike.

M'thumba la R10,000, longa la mpikisano wa pakati pa sabata pa bwalo laling'ono, nambala 4 inali ndi R1,000 yokha. Mukaponyamo R5,000 yanu, thumba lifika pa R15,000, zogawana R12,000, ogawana R6,000. R1 ibweza R2. Hatchi imene inali yachinayi m'maganizo a anthu mwaisandutsa nokha kukhala yokondedwa koposa zonse, ndipo mulandira R10,000 pamene munkayembekeza R40,000.

Pali chinthu china chimene chimaoneka chosamveka mpaka munthu atachiwerengera pa pepala. M'thumba laling'ono, pali malire amene mukawadutsa, kuonjezera ndalama kumachepetsa phindu ngakhale hatchi itapambana. Bwererani ku thumba la R100,000. Mukaika R20,000, mtengo ugwa kufika pa R3.20 ndipo phindu lanu, mutachotsa ndalama yanu, ndi R44,000. Mukaika R50,000 mtengo ufika pa R2, phindu R50,000. Mukaika R100,000, mtengo utsika kufika pa R1.40 ndipo phindu libwerera pansi, pa R40,000. Chifukwa chake n'chakuti zimene mungawine ndi ndalama za anthu amene aluza basi, ndipo zimenezo sizikula inu mukamaonjezera. Pamene woyendetsa toti akudula 20 pa 100 iliyonse ya ndalama yanu yomwe.

Munthu amene amadziwadi mahatchi amayang'ana malire ena, amene ali pafupi kwambiri kuposa amenewa. Tinene kuti mwaphunzira bwino nambala 4 ndipo mukuona kuti pa mipikisano isanu ndi umodzi yotere, ingapambane umodzi. Ndiye kuti mtengo uliwonse woposa R6 ndi wabwino kwa inu, ndipo wochepera pamenepo ukudyerani pang'onopang'ono. Pa R8 muli pabwino. Mukaika R1,000, mtengo utsikira pa R7.30, mukadali pabwino. Koma mukafika pa R3,800, mtengo uli pa R6 ndipo mwayi wonse umene munauona watha, mwaudya nokha. M'thumba la R10 miliyoni malire omwewo ali cha pa R380,000. Nzeru zofanana, hatchi yofanana, koma thumba limodzi limalola kuti nzeruzo zibale ndalama yooneka, linalo ayi.

N'chifukwa chake akatswiri obetcha ndi makompyuta anathamangira ku Hong Kong. Bill Benter wa ku America ndi Alan Woods wa ku Australia anafika kumeneko m'zaka za m'ma 1980 n'kuyamba kuwerengera mwayi wa hatchi iliyonse ndi kompyuta. Mzindawo uli ndi mabwalo awiri okha, Happy Valley ndi Sha Tin, mahatchi ake ndi omwewo omwewo amene amathamangitsana chaka chonse, ndipo kubetcha konse kovomerezeka kumadutsa ku bungwe limodzi, Hong Kong Jockey Club. Matumba ake ndi ena mwa aakulu kwambiri pa dziko lonse. Munthu akhoza kuponyamo ndalama zochuluka mtengo osagwa kwenikweni, ndipo toti, mosiyana ndi wobetchetsa, siithamangitsa munthu chifukwa choti akuwina.

Ndalama ya mphindi yomaliza

Zimene ndalama yanu imachita kwa ena, ndalama ya ena imachitanso kwa inu. Mwagula tikiti ya R100 pa nambala 4, sikirini ikuonetsa R8, mahatchi akulowa m'zitseko. Wina waponya R10,000 pa hatchi yomweyo kutatsala masekondi ochepa. Thumba lafika pa R110,000, zogawana R88,000, ogawana R20,000. Mtengo wanu tsopano ndi R4.40, ndipo simungabweze tikiti. Amene anabetchera nambala 1 apindula osadziwa, chifukwa wawo wakwera kuchoka pa R2 kufika pa R2.20.

Kawirikawiri nambala yatsopanoyo imaonekera mahatchi atayamba kale kuthamanga, chifukwa ndalama zochokera m'mashopu, m'mafoni ndi m'maiko ena zimatenga kanthawi kuti ziphatikizidwe n'kufika pa sikirini. Munthu woonera amaona hatchi yake ikutsogola, mtengo wake n'kumatsika, ndipo amakhulupirira kuti wina wabetcha mpikisano uli m'kati. Nthawi zambiri si choncho. Koma kudandaula kwake kuli ndi maziko ena. Magulu obetcha ndi makompyuta amadikira dala mpaka mphindi yomaliza, chifukwa pamenepo ndi pamene amaona bwino mmene thumba lagawikira ndipo palibe amene angawatsanzire. Ambiri mwa iwo amabwezeredwanso gawo la ndalama zimene abetcha monga makasitomala aakulu, kotero kuti kudula kumene kumawakhudza iwo n'kochepa kuposa kumene kumakhudza munthu wa R100. Ine ndimaona kuti apa toti inapatuka pa chimene Oller anayambitsa. Anthu akubetcheranadi okhaokha, koma sakulipira khomo lofanana. Ku New York, oyendetsa mabwalo anafika poletsa magulu amenewa kulowa m'thumba lolosera wopambana kukatsala mphindi ziwiri kuti mpikisano uyambe, pofuna kuti nambala ya pa sikirini ikhale yodalirika.

Munthu wamba angadziwe bwanji kuti thumba limene akufuna kulowamo ndi lotani? Pa sikirini, pambali pa mitengo, pamalembedwa ndalama zonse zimene zili m'thumba. Nambala imeneyo ndi yofunika kuposa mtengo. Ngati kwatsala mphindi makumi awiri ndipo m'thumba muli R3,000, mitengo imene mukuona sikutanthauza kanthu, chifukwa ndalama zambiri sizinabwere. Ngati mtengo wa hatchi ukudumpha kuchoka pa R12 kufika pa R7 n'kubwereranso pa R10, thumbalo n'losaya. Ndipo ngati toti ikuonetsa R15 pa hatchi imene obetchetsa onse akuigulitsa pa 6.00, musasangalale msanga. Ena aionanso, ndipo pofika potseka kusiyanako kukhala kutachepa.

Pamene toti imaposa wobetchetsa

Sikuti toti imalipira zochepa nthawi zonse. Pa hatchi zonyozedwa, makamaka pa masiku aakulu pamene khamu la anthu obetcha kamodzi pa chaka likuunjikira ndalama pa maina otchuka, gawo la toti limatha kuposa mtengo wa wobetchetsa, amene nthawi zambiri amaumira pa hatchi za mtengo wautali. Ku America, kumene pafupifupi kubetcha konse kwa mahatchi n'kwa toti, Rich Strike inapambana Kentucky Derby ya 2022 italowa mu mpikisano dzulo lake lokha, m'malo mwa hatchi ina imene inachotsedwa. Tikiti ya madola awiri inabweza madola 163.60. Palibe amene anakhala pansi n'kulemba mtengo umenewo. Unachokera pa kuchepa kwa anthu amene anaikhulupirira m'kati mwa thumba lalikulu.

Mphamvu yeniyeni ya toti ili m'matumba ovuta, monga kulosera mahatchi atatu oyamba mu ndondomeko yake, kapena opambana m'mipikisano isanu ndi umodzi yotsatizana. Wobetchetsa amaopa malonjezo otere ndipo amaika malire pa zimene angalipire. Toti ilibe mantha amenewo. Komanso pakapanda wolosera bwino, ndalama zimasungidwa n'kuphatikizidwa ku thumba la tsiku lina. Mu Marichi 2011 pa bwalo la Exeter ku England, bambo wina anawina mapaundi pafupifupi 1.45 miliyoni ndi tikiti ya mapaundi awiri, m'thumba limene linali litasefukira motere.

Ndalama yotsalira imeneyi imasintha masamu. Tinene kuti R500,000 yadikira kuchokera sabata yatha, ndipo lero anthu aponyamo R1 miliyoni, imene adulapo 25 pa 100. Zogawana ndi R750,000 kuphatikiza R500,000, zonse R1,250,000, kuposa zimene anthu aika lero. Ndi nthawi yosowa pamene obetcha onse pamodzi amalandira zoposa zimene apereka. Koma aliyense wodziwa masamu amaona zomwezo, ndalama zatsopano zimakhamukira, ndipo mwayiwo umasungunuka pamene thumba likukula. Matumba ovutawa akakhala ang'onoang'ono amachitanso zachilendo: tikiti imodzi yokha yowina imatenga zonse, koma wachiwiri akapezeka, malipiro agwa ndi theka.

Tsiku wamba, lopanda ndalama yotsalira, masamu sakomera wobetcha. Ngati toti ikudula 20 pa 100, R100 ya munthu wapakati imabwerako R80. Akaibwezanso ibwera R64, kenako R51, kenako R41, ndipo pa mpikisano wachisanu yatsala R33. Ena adzakhala pamwamba pa nambala imeneyi, ena pansi, koma onse pamodzi sangaithawe, thumba likule bwanji. Wobetchetsa amadula mochenjera, ndipo pa hatchi zokondedwa nthawi zambiri kudula kwake n'kochepa kuposa kwa toti, koma nayenso sagulitsa mwaulere.

Chifukwa chake matumba akuphatikizidwa

Thumba laling'ono limadzichepetsa lokha. Wobetcha ndalama zambiri amalithawa chifukwa amagwetsa mtengo wake womwe, wobetcha zochepa amatopa ndi manambala odumphadumpha n'kupita kwa wobetchetsa, ndipo thumba limapitirira kuphwa. Mankhwala amene oyendetsa toti apeza ndi kuthira matumba a maiko osiyanasiyana m'thumba limodzi. Mu 2019, pa mipikisano ya Royal Ascot, Hong Kong Jockey Club inayambitsa World Pool, imene imasonkhanitsa ndalama za obetcha a m'maiko ambiri pa mipikisano yosankhidwa. Munthu wa ku London amene kale ankaponya ndalama m'thumba la anthu a ku Britain okha, pa masiku amenewo amagawana ndi anthu a ku Hong Kong ndi kwina. Mitengo imakhazikika, ndipo popeza khamu la kutali limakonda okwera ndi mahatchi amene limawadziwa, hatchi zina zabwino zimatsala ndi mtengo wonona kuposa wa obetchetsa a kwawo.

Nkhaniyi simathera pa obetcha. M'maiko ambiri gawo limene toti imadula ndilo limalipira mphotho za mipikisano, ndipo mphothozo ndizo zimadyetsa ophunzitsa mahatchi, okwera ndi anyamata osamala makola. Ku France ndi ku Hong Kong, kumene toti ndiyo mwini bwalo, mphotho n'zazikulu. Ku Britain, kumene ndalama zambiri zimapita kwa obetchetsa, eni mahatchi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti mphotho n'zochepa, ndipo toti ya boma ija inagulitsidwa mu 2011 kwa kampani yobetchetsa ya Betfred pa mapaundi 265 miliyoni.

Ku South Africa mkanganowu unafika mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Obetchetsa kumeneko amalandira beti imene amalonjeza kulipira molingana ndi gawo limene toti ilengeze, koma ndalamayo amaisunga okha, siilowa m'thumba. Kampani ya Phumelela, imene inkayendetsa toti ndi mabwalo ambiri m'dzikolo, inasuma kuti amenewa akukolola pamene sanalime. Mu 2006 khotilo silinagwirizane nayo, ndipo mchitidwewo unapitirira. Zotsatira zake pa masamu athu n'zoonekeratu. Ndalama imene ikanakulitsa thumba ikukhala kunja, komabe mtengo wake ukuchokera m'thumba lomwelo, limene latsala laling'ono ndi losavuta kuligwedeza. Munthu amene waika ndalama zambiri kwa wobetchetsa pa mtengo wa toti angathe kuponya ndalama pang'ono m'thumba pa mahatchi ena, kuti gawo la hatchi yake likwere, chinthu chimene sichingatheke m'thumba la mamiliyoni. Phumelela inali ndi mavuto enanso, ndipo mliri wa korona utatseka mabwalo, mu Meyi 2020 inalowa m'ndondomeko yopulumutsa makampani amene akugwa. Mabwalo ake, kuphatikizapo Turffontein ku Johannesburg, anapita m'manja mwa kampani yatsopano ya 4Racing mu 2021.